Chithunzi cha Lolemba, tomato wa Lachisanu

Pamsika wa ku Chongwe, kufupi ndi msewu wa Great East, pali mayi wina amene wakhala akugulitsa tomato kwa zaka zambiri. Sitimutchula dzina, chifukwa zimene zinamuonekera zingathe kuonekera aliyense amene ali ndi thebulo pamsika ndi foni m'manja. Munda alibe. Amaoda tomato kwa alimi a kumadimba a ku Kanakantapa, n'kumagulitsa wina pamilu kwa anthu ogula ndiwo za tsiku limenelo, wina pamabokosi kwa ophika m'malesitanti ndi pamaukwati. Mwana wake wamkazi, amene amaphunzira ku sekondale, ndiye anamuphunzitsa kuika zithunzi pa sitetasi ya WhatsApp, ndipo kuyambira pamenepo malonda ena ankabwera iye asanayale n'komwe katundu pathebulo.

Nkhaniyi inachitika mu Okutobala, mwezi umene dzuwa limaswa mtengo ndipo mtsinje wa Chongwe umakhala utaphwa. Lolemba m'mawa mayiyo analandira mabokosi khumi a tomato wa Tengeru, amene mlimi anathyola Lamlungu madzulo. Bokosi lililonse anaoda pa K120, ndipo galimoto inadya K100, kotero kuti bokosi linamufikira pa K130, onse pamodzi K1,300. Mtengo wa tomato sukhala pamodzi. Umatsata kuchuluka kwa magalimoto amene alowa m'bandakucha pamsika wa Soweto ku Lusaka, ndipo bokosi lomwelo limatha kukwera kangapo mvula ikayamba. Pa sabata imeneyo mayiyo anaona kuti K170 ndi mtengo woti anthu agula, iye n'kupeza K40 pa bokosi.

Mwanayo anasankha bokosi lokongola kuposa onse. Anapukuta tomato wapamwamba ndi kansalu konyowa, anatembenuza aliyense kuti mbali yofiira iyang'ane kumwamba, anakokera bokosilo pamene dzuwa la m'mawa linkawala, n'kujambula. Tomato ankanyezimira, wolimba, wina adakali ndi kachikasu m'mapewa. Kenaka anafunsa kuti, "Amayi, ndilembepo chiyani pansipa?"

"Lemba zoti munthu akaona alakelake," anatero mayiyo. "Uziti ndi wa lero. Uziti ndi wa kumunda kwathu. Anthu a m'tauni amaopa mankhwala, ndiye ulembeponso kuti alibe mankhwala."

Mawu amene anatuluka pansi pa chithunzicho anali awa: "Tomato wa fuleshi, wothyola lero kumunda kwathu, wopanda mankhwala. Bokosi K170. Fulumirani!"

Pa zinthu zinayi zimene mawuwo ankanena, chimodzi chokha ndicho chinali choona, ndicho mtengo. Koma Lolembalo palibe amene anadandaula, chifukwa tomatoyo analidi wabwino. Pofika Lachiwiri madzulo mabokosi asanu ndi limodzi anali atapita, phindu K240 lili m'chikwama. Apa ndi pamene mawu onamawo anazikira mizu: anabweretsa ndalama, ndipo mayiyo anaganiza kuti iwo ndiwo agulitsa, pamene chimene chinagulitsa ndi tomato weniweniyo.

Lachitatu msika unadzaza. Alimi ena anabweretsa wawo, mtengo unatsika, ndipo mabokosi anayi otsalawo anangokhala pansi pa thebulo, ataphimbidwa ndi saka, denga la malata likuwawotcha kuchokera kumwamba. Aliyense amene anagwirapo tomato amadziwa chimene chimachitika m'bokosi lotero. Tomato akamapsa amatulutsa mpweya umene umafulumizitsa anzake kupsa, ndipo m'bokosi lophimbidwa mpweyawo sutuluka. Kutentha kukapitirira madigiri 30, kufewa ndi kuwola kumathamanga. Wapansi amasenza kulemera kwa anzake onse, amaphwanyika pamene wagunda thabwa, madzi ake n'kuyamba kusasa, ndipo wowola mmodzi amanyowetsa oyandikana naye. Tengeru, amene anatuluka m'chaka cha 1997 kuchokera ku malo ofufuzira mbewu a ku Tengeru pafupi ndi Arusha ku Tanzania, alimi amamukonda chifukwa ndi wolimba ndipo amapirira ulendo. Komabe kulimba kwake kuli ndi malire. Masiku anayi pansi pa malata mu Okutobala sasiya tomato aliyense momwe analili.

Lachinayi m'mawa mayiyo anasuzumira m'mabokosi, anaona kuti zinthu zayamba kuipa, mtima n'kukhala m'mwamba. Sitetasi ya Lolemba inali itazimiririka kale, pakuti WhatsApp imachotsa sitetasi pakatha maola 24. Anauza mwana wake kuti aikenso.

"Ndijambule wina, amayi? Uyu wasintha."

"Iwe, ukajambula ameneyu agula ndani? Ika chomwe chija. Mawu akhalenso omwe aja."

Pali chinthu china chokhudza sitetasi chimene ogula ambiri sachilingalira. Nthawi imene imaoneka pamwamba, pafupi ndi dzina la munthu, ndi nthawi imene chithunzi chaikidwa, osati imene chinajambulidwa. Chithunzi cha Lolemba chikaikidwa Lachinayi 7 koloko m'mawa, foni imasonyeza kuti n'cha m'mawa womwewo. Foniyo siinama, koma imathandizira bodza la mwini wake popanda kudziwa. Woona amawerenga kuti wothyola lero, amayang'ana nthawi, ndipo ziwirizo zimagwirizana.

Amene anaziona choncho ndi mayi wina wa ku Chelstone, ku Lusaka, wophika pamaukwati. Anali atagulapo kawiri kwa mayi wa ku Chongweyo ndipo anakhutira, n'chifukwa chake anasungirana manambala. Loweruka anali ndi ukwati woti aphikire. Ankafuna tomato wolimba woti wina adule mu saladi, wina akongoletsere mbale, wotsala athire mu supu. Anawerengera bwino: wothyola Lachinayi, akafika Lachisanu, Loweruka adzakhala ali bwinobwino. Anaimba foni.

"Amayi, ndaona tomato wanu. Ndi yemweyu ali pachithunziyu?"

"Ndi yemweyo, amayi. Mabokosi anayi okha ndiwo atsala."

Wophikayo anatumiza pa foni K680 ya mabokosi anayi ndi K80 ya galimoto, zonse K760. Lachinayi madzulo mayi wa pamsikayo ndi mwana wake anachotsa tomato wapamwamba amene anali atafewa, anakagula pang'ono watsopano kwa mnzake wa thebulo loyandikana, n'kuyala pamwamba pa bokosi lililonse. Lachisanu m'mawa mabokosiwo anakwezedwa pa minibasi, ulendo wa makilomita pafupifupi 40, mabampu ndi dzuwa zikumaliza ntchito imene kutentha kunayamba.

Wophika wodziwa ntchito salandira bokosi poyang'ana pamwamba. Anayala saka pakhonde, anapendeketsa bokosi loyamba n'kukhuthula. Mzere wapamwamba unagubuduzika bwino. Wachiwiri unatsika mwaulesi. Kuyambira pakati mpaka pansi tomato anatuluka atamatirirana, thabwa lapansi lili chinyezi, fungo losasa likutuluka, timantchentche tating'ono tikuuluka. Anatola mmodzi wooneka wabwino, anamutembenuza, ndipo pafupi ndi pamene pamakhala phesi anaona kabowo kakang'ono ngati kobaya ndi singano, m'mphepete mwake muli timadontho takuda. Atamudula, mkati munali kanjira kakuda ndi kambozi kobiriwira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kambozi ameneyo alimi amamutcha tuta. Kwawo n'ku South America, anafika ku Spain m'chaka cha 2006, ndipo ku Zambia anaoneka m'chaka cha 2016, n'kuwononga minda ya tomato yambiri. Kagulugufe kake kamaikira mazira pamasamba, mbozi imalowa mkati mwa tsamba n'kumadya ili yobisika, kenaka imaboola chipatso, kawirikawiri cha kuphesi. Tsiku lothyola kabowoko sikaoneka pachithunzi, ngakhale maso amatha kukaphonya. Pakapita masiku atatu kapena anayi, kuwola kumayambira pomwepo. N'chifukwa chake wogulitsa wosamala amasankhula tomato tsiku lililonse, n'kuchotsa aliyense wobooka asanawononge bokosi lonse.

Pa tomato wina wapansi, amene sanapukutidwe, wophikayo anaona madontho oyererako, ouma, makamaka m'kadzenje ka phesi. Anali zotsalira za mankhwala opopera, onga mankozebu amene alimi amathira poteteza chiwawu cha masamba. Pachithunzi paja panalembedwa kuti wopanda mankhwala. Mayi wa pamsikayo sanafunsepo mlimi za zimenezi, ndipo akanafunsa akanauzidwa zoona: kuyambira pamene tuta anabwera, alimi ambiri olima tomato wogulitsa amapopera. Kupopera pakokha si mlandu. Chofunika n'choti pa botolo kapena paketi ya mankhwala alionse ovomerezeka pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera tsiku lopopera kufika tsiku lothyola, ndipo mlimi wabwino amawasunga. Funso loyenera kufunsa kudimba ndi lakuti, mwapopera liti komaliza, ndipo munathira chiyani? Wolemba kuti wopanda mankhwala asanafunse amachititsa kuti wogula atsuke mwachisawawa chinthu chimene adzadya chosaphika. Bodza limeneli ndi loipa kuposa la tsiku lothyola, chifukwa limakhudza thupi la munthu, osati chikwama chokha.

Atasankhula mabokosi onse anayi, wolimba woti n'kudula anakwana bokosi limodzi lokha. Wophikayo sanayambe waimba foni. Anatsegula sitetasi ya mayi uja, imene anali ataijambula pa sikirini Lachinayi isanathe maola ake, chithunzi, mawu ndi nthawi zonse pamodzi. Kenaka anajambula tomato ali pa saka. Anthu amaganiza kuti zimene waika pa sitetasi zimafa mawa lake. Zimafa kwa amene sanazisunge. Amene wajambula sikirini amakhala nazo mpaka atafuna yekha kuzichotsa, ndipo mwini wake sauzidwa n'komwe.

"Amayi, mwandichita chiyani?" anatero pa foni. "Ukwati ndi mawa. Tomato uyu si wa dzulo ayi."

"Ndi galimoto imeneyo, amayi. Anyamata a minibasi amaponya katundu."

"Galimoto imaphwanya, siiwoletsa. Ndipo galimoto siiika mbozi mkati."

Wophikayo ananena zoona, ndipo wogula aliyense angathe kusiyanitsa. Tomato wophwanyika paulendo amakhala ndi bala latsopano, madzi ake ndi oyera, fungo lake n'la tomato. Wokhalitsa amafewa thupi lonse, khungu limachita makwinya, chipsera cha phesi chimauma n'kuda, ndipo ngati timasamba ta phesi tilipo, timakhala tofota, tothetheka ukatigwira. Wothyola dzulo timasambato timakhala tobiriwira ndiponso tonunkhira mtengo wake.

Mayi wa pamsikayo anaumirira, anakweza mawu, n'kudula foni. Wophikayo anakwera basi kupita ku Soweto kukagula mabokosi atatu ndi ndalama zina, ndipo ali m'basimo anatumiza zithunzi ziwirizo kwa amayi anzake ophika amene amagawana nawo ntchito. Sanalembe zachipongwe. Anangoti samalani. Mmodzi mwa amene analandira anali ndi sitetasi ya Lolemba m'maso mwake, chifukwa nayenso anali atagulapo kwa mayi yemweyo, ndipo anazindikira bokosilo ndi kansalu kofiira kamene kanaonekera pakona. Anayankha kuti chithunzi ichi ndinachiona Lolemba.

Apa ndi pamene malonda a pa sitetasi amasiyanira ndi a m'mbali mwa msewu. Woima pa Great East kugula mulu wa tomato ali paulendo wa ku Chipata mwina sadzabwereranso. Koma sitetasi imaonedwa ndi anthu okhawo amene iwe unasunga nambala yawo ndipo iwonso anasunga yako. Ngati sunasinthe pamene pali `My contacts`, ndiye kuti onsewo akuona: makasitomala akale, amayi a kutchalitchi, achibale, anzako a m'chilimba. Palibe mlendo pakati pawo. Bodza loikidwa pamenepo limalunjika anthu amene anakukhulupirira kale mpaka kukusunga m'foni, ndipo anthu amenewo amadziwana.

Lamlungu nkhani inali itafika ku Chongwe. Mayi wina wachikulire wa mumsikamo, amene anzake amamupatsa ulemu pa milandu ya pamathebulo, anamuitanira pambali. Sanamukalipire. Anamufunsa kuti ndalama za munthuyo zili kuti, ndipo anamukumbutsa kuti dziko lili ndi lamulo loteteza ogula, la nambala 24 la chaka cha 2010, limene limaletsa kunena zabodza za mmene katundu alili, ndiponso kuti bungwe la CCPC limalandira madandaulo a ogula. "Koma za boma zisiyeni kaye," anatero. "Bwezani ndalama lero, musanagone. Mukadikira mawa, mubweza ndalama yomweyo koma dzina silibwerera."

Anagwirizana kuti abweze K510 ya mabokosi atatu ndi K80 ya galimoto, zonse K590. Tiwerengere pamodzi. Mabokosi anayiwo anamudyera K520, ndipo pochotsanso K80 imene analipira minibasi, chimene chinatsala m'manja mwake ndi K90, kotero anataya K430, osawerengera tomato amene anagula woyala pamwamba. Phindu la K240 la Lolemba ndi Lachiwiri linamira momwemo, sabata n'kutha ali ndi dzenje la K190. Tsono tiyerekeze kuti Lachitatu akanakhuthula mabokosiwo, kutaya obooka, kujambula otsalawo momwe analili, n'kulemba kuti ndi wakupsa kwambiri, woyenera kuphika lero kapena mawa, bokosi K110. Ophika m'malesitanti a nsima amamufuna tomato wotero, chifukwa amasungunuka msanga mumphika ndipo ndi wotsika mtengo. Akanapeza cha m'ma K440, kutayapo K80 yokha, ndipo sabata ikanatha ali ndi K160 yapamwamba. Tomato wokhalitsa ali ndi omugula ake. Cholakwa chinali kumugulitsa kwa munthu wofuna wina, pomuonetsa chithunzi cha wina.

Chithunzi chimaonetsa mtundu ndi kukula kwa mzere wapamwamba, basi. Sichinena tsiku lothyola, sichionetsa pansi pa bokosi, sichinena kuti bokosilo ndi lalikulu bwanji kapena kuti galimoto alipira ndani. Mawu apansiwo ntchito yake n'kunena zimene chithunzi sichingathe kunena. Wogula amene ali ku Lusaka sangathe kugwira tomato, kumufinya pang'ono ndi chala, kapena kununkhiza. Mawuwo ndiwo amalowa m'malo mwa zala zake, ndipo akatumiza ndalama amakhala wagula mawuwo.

Patapita milungu ingapo, mwana uja ndi amene anakonza kalembedwe katsopano, ndipo mayi ake anavomera. Amajambula zithunzi ziwiri, china bokosi lili chiimire, china atakhuthula theka pa saka kuti wapakati aoneke, ndipo pambali amaika botolo la mafuta ophikira kuti munthu ayerekeze kukula. Mawu ake amakhala otere: "Tengeru wa ku Kanakantapa, wothyola Lamlungu 10 Novembala, chithunzi cha Lolemba m'mawa. Wapakatikati, wolimba, wina sanapsetse. Bokosi la matabwa K170, mulu K5. Galimoto ya ku Lusaka ndi yanu. Mlimi akuti anapopera komaliza sabata yatha, tsukani bwino. Alipo mabokosi 10."

Mawu alionse pamenepo ali ndi ntchito. Tsiku lalembedwa ndi dzina lake ndi deti, chifukwa chithunzi chikatumizidwa kwa wina, n'kupitirizidwanso kwa wina, mawu akuti lero amakhala atakalamba koma akuonekabe atsopano. Dzina la mtundu limauza wophika ngati tomatoyo apirira. Kunena kuti wina sanapsetse kumakopa wofuna kusunga mpaka kumapeto kwa sabata. Za galimoto zimatseka mkangano usanayambe. Za mankhwala zanenedwa monga mawu a mlimi, pakuti mayiyo sanaone ndi maso ake. Ndipo mabokosi akamatha amaikanso chiwerengero chatsopano, akatheratu amachotsa sitetasiyo osadikira maola 24, kuti wina asatumize ndalama pa katundu amene kulibe.

Kwa inu ogulira pa foni, pali zinthu ziwiri zosavuta. Funsani tsiku lothyola, ndipo yankho likhale dzina la tsiku. Kenaka pemphani kavidiyo kakafupi kojambula nthawi yomweyo, wogulitsa akulowetsa dzanja n'kutulutsa tomato wa pakati pa bokosi, akumutembenuza kuti kuphesi kuoneke. Wogulitsa woona mtima zimenezi sizimutengera mphindi ziwiri. Amene ayamba kunena za bandulo yatha kapena netiweki yavuta, pamene sitetasi waika m'mawa womwewo, wakuyankhani kale.

Mayi wa ku Chongweyo akugulitsabe. Ena mwa ophika aja anabwerera pang'onopang'ono, poyamba akutuma mnyamata kuti akakhuthule bokosi pamaso pake asanalipire. Wa ku Chelstone uja sanabwerere, ndipo iye yekha ankatenga mabokosi anayi kapena asanu pa ukwati uliwonse. Inu amene muli ndi thebulo, tomato akakutsalirani Lachitatu, musatsegule zithunzi zakale m'foni. Khuthulani bokosi, sankhulani, jambulani amene alipoyo, lembani tsiku lake lenileni ndi mtengo womuyenera. Mudzataya pang'ono tsiku limenelo, koma sabata yotsatira mukadzalemba kuti wothyola dzulo, anthu adzatumiza ndalama osafunsa kawiri.